Paipi ikaphulika pabwalo: mulowetse yachitsulo, yakuda kapena ya pivisi?

M'makomboni akale a mu Harare monga Mbare, Highfield, Mufakose ndi Mabvuku, nyumba zambiri zikumwerabe madzi m'mapaipi achitsulo omwe anaikidwa pomanga nyumbazo. Madzi ochokera kumalo oyeretsera madzi a Morton Jaffray safika tsiku lililonse. Akasiya, paipi imatsala ndi mpweya ndi chinyontho, ndipo dzimbiri limakonda zimenezo. Akabwerera amafika mwamphamvu, akukankha mpweya patsogolo, n'kumenya pamene paipi yafooka. Ndiye chifukwa chake mapaipi ambiri kuno amaphulika usiku womwe madzi abwerera, m'mawa n'kupeza pabwalo pali dambo.

Munthu akathamangira kusitolo ya zipangizo amafunsa kuti paipi yolimba ndi iti. Funso limenelo silithandiza kwenikweni, pakuti iliyonse mwa zitatuzi ndi yolimba pamalo ake. Chimene chiyenera kukuuzani chogula ndi malo amene yaphulikira, komanso mmene yaphulikira. Choncho musagule kanthu musanakumbe.

Poyamba tsekani valavu ya pafupi ndi mita ya madzi, kenako tsegulani mpope wa panja kuti madzi otsala m'paipi atuluke. Onani kuti kuphulikako kuli mbali iti ya mita. Ngati kuli kumbali ya msewu, paipiyo ndi ya khonsolo, kauzeni iwowo, musaidule. Ngati kuli pakati pa mita ndi nyumba, ntchito ndi yanu. Valavu yakale ikakana kutseka bwinobwino, musaikakamize ndi bobojani mpaka kuthyoka. Dziwani chabe kuti madzi azidontha nthawi yonse imene mukugwira ntchito, ndipo mfundo imeneyi ibweranso tikafika pa guluu.

Kumbani ndi fosholo, osati piki, mukafika pafupi ndi paipi. Madzi amatha kutulukira pamwamba kutali ndi pamene pabowoka, makamaka ngati pamwamba pali simenti, ndiye tsatani kumene dothi lafewa kwambiri. Mukapeza bala, musasiyire pomwepo. Fukulani paipi mita imodzi mbali iyi ndi mita ina mbali inayo, muichotse matope ndi bulashi ya waya, muione bwino.

Titenge chitsanzo chofala: nyumba ya ku Mufakose, paipi yachitsulo ya hafu inchi yochoka pa mita ya madzi kukafika pakhoma la khitchini, mtunda wa mamita 9, yokwiriridwa m'dothi. Pabowoka kabowo kakang'ono ngati ka msomali, mamita atatu kuchokera pa mita. Mukapala ndi bulashi mupeza kuti paipi ili ndi zithupsa za dzimbiri ndi timaenje paliponse pamene mwafukula. Mukaidula, yang'anani m'kati. Paipi ya hafu inchi ikakhala yatsopano, njira ya madzi imakhala pafupifupi mamilimita 16. M'paipi yakale mupeza dzimbiri launjikana mpaka pensulo kulowa movutikira. Apa ndi pamene pamachokera dandaulo loti madzi a m'bafa amangodontha ngakhale tsiku limene aneba akutunga bwino.

Paipi yotere siikonzedwa pamalo amodzi. Nthaka imene yadya pa mita yachitatu ndi yomweyo imene ikudya pa mita yachisanu, ndipo mukatseka bowo ili, mphamvu ya madzi ipeza lina. Kumanga ndi mphira ya chubu ndi waya kungakupatseni masiku angapo oti mupeze ndalama, basi. Koma ngati mwapala n'kupeza chitsulo chosalala, chotuwa bwino, ndipo bala lake lachita kubwera ndi piki kapena ladutsa pamazinga pamene paipi imalowa mu soketi, paipiyo ikadali ndi moyo. Pamazinga ndi pamene chitsulo chimapyapyala, ndipo podula mazingawo zinki woteteza amachoka, choncho pamatha kuwola pokhapo pamene kwina konse kuli bwino. Imeneyo mutha kudula kachigawo n'kulumikiza.

Musanadule chitsulo, pali chinthu chimodzi chimene ambiri sachiganizira. M'nyumba zakale, waya wa magetsi wopita kunthaka nthawi zina anamangiriridwa ku paipi ya madzi, pafupi ndi mpope kapena pamene paipi ikulowa m'nyumba. Mukachotsa chitsulo cha pansi n'kuika pulasitiki, mwadula njira imeneyo, ndipo tsiku limene giza kapena chitofu chidzataye magetsi, mpope wa m'bafa udzagwira munthu. Yendani mozungulira nyumba, mufufuze waya wobiriwira kapena wa kopa wosakutidwa womangidwa ku paipi. Mukaupeza, zimitsani magetsi pa bokosi lalikulu musanadule, ndipo muitane wamagetsi adzakhome chitsulo chake chake m'nthaka. Izi si zoti mudzachite mwezi wa mawa.

Pansi pa nthaka, yakuda

Pa nyumba ya chitsanzo chathu, ine ndingachotse mamita 9 onse n'kuika paipi yakuda, imene amisiri amangoti poli. Zifukwa zake ndi za ntchito. Imagulitsidwa yokulunga, ndipo amakudulirani utali umene mukufuna, kotero kuti kuchoka pa mita kufika pakhoma sipakhala cholumikizira pakati. Pamene palibe cholumikizira, palibenso podontha. Siichita dzimbiri. Imapindika, ndipo izi n'zofunika m'madera a dothi lakuda la kudambo lomwe limang'aluka m'mwezi wa Okutobala n'kufufuma mvula ikagwa. Madzi akabwerera ndi kugunda kuja, imafutukuka pang'ono n'kubwerera, pamene pivisi imatha kung'ambika. Chinanso, zolumikizira zake sizifuna guluu kapena kudikira, ndipo zimagwira ngakhale paipi ili yonyowa.

Koma mapaipi akuda alipo a mitundu iwiri, ndipo kuwasokoneza ndiko kulakwitsa kumene kumachitika kwambiri. Ilipo yofewa, yopyapyala, ya kudimba, imene amalumikiza polowetsa cholumikizira m'kati n'kumanga ndi kalampu kapena waya. Imeneyo ndi yothirira mbewu ndi madzi opanda mphamvu. Ndiye ilipo yolimba, imene pathupi pake palembedwa HDPE kapena PE100, pamodzi ndi kukula kwake ndi chilembo cha PN. Nambala yotsatira PN ndi mphamvu ya madzi imene paipiyo ingapirire, poyeza mu mabaa, ndipo baa imodzi ndi mphamvu ya madzi ochokera pamwamba mamita 10. Thanki ya pa nsanja ya mamita 5 imangopereka theka la baa, n'chifukwa chake paipi ya kudimba imakhala zaka pa thanki popanda vuto, mwini wake n'kukhulupirira kuti ndi yabwino paliponse. Pa madzi a khonsolo, kapena kutsogolo kwa pampu, musatsike pansi pa PN 10; PN 12.5 kapena PN 16 ikapezeka, itengeni, chifukwa pa mamita 9 kusiyana kwa mtengo n'kochepa. Kaya mukugula m'sitolo ya m'tauni kaya kumsika wa Siyaso ku Mbare, itembenuzeni paipiyo muwerenge zolembedwa. Yopanda chilembo chilichonse isiyeni, ngakhale wogulitsa alumbire.

Kenako nkhani ya kukula, yomwe imabwezetsa anthu kusitolo kawiri. Paipi yachitsulo amaitchula potengera m'kati mwake: ya hafu inchi amati ya 15, koma kunja kwake ndi mamilimita 21.3, ya thirikota inchi amati ya 20, kunja kwake ndi 26.9. Paipi yakuda yolimba ndi ya pivisi amazitchula potengera kunja. Ndiye "paipi ya 20" yachitsulo ndi "paipi ya 20" yakuda ndi zinthu ziwiri zosiyana. Yakuda ya 20 imafanana ndi hafu inchi yachitsulo, ya 25 imafanana ndi thirikota. Pa mtunda wochoka pa mita ine ndimakonda ya 25 ngakhale yakale inali hafu inchi, chifukwa masiku amene madzi afika ofooka, paipi yotakasuka imataya mphamvu yochepa m'njira. Zolumikizira za 25 zokhala ndi mazinga a hafu inchi zimapezeka. Dulani kachidutswa ka paipi yakale mupite nako m'thumba, wogulitsa aone ndi maso.

Zogula za ntchito imeneyi n'zochepa: mamita 10 a paipi yakuda ya 25, adaputa ziwiri zomanga ndi nati mbali imodzi ndi mazinga mbali inayo, soketi zachitsulo zatsopano ziwiri, tepi yoyera ya pamazinga, ndi valavu yatsopano ngati yakale ikudontha. Mita yowonjezerayo si yowononga. Paipi yakuda imatalika ikatentha n'kufupika ikazizira, pafupifupi mamilimita awiri pa mamita 10 pa digiri iliyonse. Mukaidula masana itagona padzuwa n'kuikoka kuti iwongoke ndendende, usiku wa mu Juni idzafupika masentimita angapo n'kuyamba kukoka zolumikizira. Igonekeni m'ngalande mokhotakhota pang'ono ngati njoka.

Tsopano kulumikiza. Masulani chitsulo chakale pa cholumikizira choyamba cholimba, mbali zonse ziwiri. Gwiritsani mabobojani awiri, imodzi yogwira mbali yotsala kuti isazungulire, ina yomasulira. Mukagwiritsa imodzi yokha mudzapotokola paipi ya m'khoma kapena kuthyola pa mita, ntchito ya tsiku limodzi n'kusanduka ya sabata. Ikakana, thirani mafuta omasulira, dikirani, gogodani soketi pang'ono ndi hamala.

Pamene pulasitiki ikukumana ndi chitsulo, pulasitiki ndiyo ilowe m'kati mwa chitsulo. Ndiko kuti mugule adaputa ya mazinga a kunja, ilowe mu soketi yachitsulo. Mukachita mosemphanitsa, paipi yachitsulo n'kulowa m'mazinga a pulasitiki, mazinga achitsulo amene amakula pang'onopang'ono amaitambasula pulasitikiyo, ndipo imang'ambika, mwina osati lero koma patapita miyezi, itakwiriridwa kale. Kulungani tepi motsata kumene mumangire, mangani ndi dzanja mpaka italimba, kenako onjezani ndi sipanala kamodzi kapena kawiri basi.

Mbali ya nati ndi yosavuta, koma ili ndi msampha umodzi. Dulani paipi mowongoka, palani m'mphepete mwake ndi mpeni kuti pasakhale pakuthwa, masulani nati, ndipo yezani kuzama kwa cholumikizira n'kuika chizindikiro pa paipi. Mukamalowetsa mumva yaima, koma kuima koyambako ndi pamene yakhudza kamphira kozungulira. Kankhani mwamphamvu idutse kamphirako mpaka chizindikiro chanu chifike. Zolumikizira zambiri zodontha n'zimene paipi inangoima pa kamphira. Kunyowetsa nsonga ndi madzi kumathandiza. Musaiwotche pamoto kuti ifewe, ndipo musavutike ndi guluu, pakuti guluu wa pivisi sagwira paipi yakuda m'pang'ono pomwe. Pokhota, ipindeni motakasuka. Ya 25 imafuna malo opitirira theka la mita kuti ikhote bwino, ndipo ikapinda n'kuthyoka msana, dulani pamenepo muike elibo, cholumikizira chokhota.

Ngalande ikhale yakuya masentimita 45 kapena kuposa, ndipo pamene pamadutsa galimoto ifike 60, paipi italowetsedwa m'paipi ina yokulirapo. Pansi pake ndi pamwamba pake ikani mchenga kapena dothi losefa, chifukwa mwala wakuthwa kapena chidutswa cha njerwa chimaidya pang'onopang'ono nthaka ikamasuntha. Ngati pabwalo pamakonzedwa magalimoto, idutsitseni kutali ndi pamene pamatayikira petulo ndi dizilo: mafuta amenewa amalowerera m'khoma la paipi yakuda ndipo madzi amanunkha.

Pamene chitsulo chikadali mfumu

Paipi ikatuluka m'nthaka, nkhani imasintha. Mpope wa panja umene ana amakoka, pomwe amakolowekapo chidebe cha malita 20, umafuna chitsulo. Chimodzimodzi paipi yokwera khoma pamalo podutsa anthu ndi wilibala, kapena pafupi ndi pamene mumasonkha moto magetsi akazima. Makoswe nawonso satafuna chitsulo. Choncho pa nyumba ya ku Mufakose ija, yakuda ithere pansi pafupi ndi khoma, ndipo chokwera chikhale chachitsulo chatsopano, chomangidwa kukhoma ndi zogwirira. Kachigawo kake kokhala m'dothi kapakeni phula kapena kukulunga ndi tepi yoteteza, chifukwa pamene chitsulo chikutuluka m'nthaka ndi pamene chimayamba kuwola.

Ngati mwapeza kuti paipi yachitsulo ili bwino ndipo mukungosintha kachigawo, kumbukirani kuti paipi yomangika mbali zonse ziwiri siizungulira. Mukamanga mbali iyi, mbali inayo ikumasuka. Pamafunika yuniyoni pakati, cholumikizira cha nati chimene chimamangika popanda kuzunguliza paipi, ndipo nsonga zimene mwadula zimafuna mazinga atsopano, kutanthauza kubwereka chodulira mazinga kapena kuitana pulambala. Njira yachidule ndi cholumikizira chimene amisiri amati Jonisoni kapulingi: chimavala kunja kwa paipi yopanda mazinga n'kufinya mphira mukamanga. Chimagwira bwino pa chitsulo chosalala, koma pa chitsulo cha timaenje mphira siikhala bwino, ndiponso sichiletsa paipi kusololoka, choncho chiikeni pamene paipi ili yowongoka ndi yogwidwa mbali zonse. Ngati kutsogolo kuli paipi ya kopa, musalumikize chitsulo mwachindunji ndi kopa. Zikakhudzana m'madzi, chitsulo chimadyeka msanga. Pakati pakhale kachigawo ka pulasitiki kapena cholumikizira cha bulasi.

Nanga pivisi?

Ndi yotsika mtengo, ndi yosalala m'kati, ndipo pa mapaipi akuluakulu owongoka, monga ochoka pa chitsime chobowola kupita ku thanki, imagwira ntchito zaka zambiri ikakwiriridwa bwino. Ngati paipi imene yaphulika ndi ya pivisi kale, kuikonza ndi pivisi n'kwanzeru. Koma kuilowetsa pakati pa chitsulo chakale, m'dzenje lamatope, ine sindilimbikitsa.

Vuto loyamba ndi guluu. Guluu wa pivisi amasungunula pamwamba pa paipi ndi pa soketi kuti ziwirizo zikhale chinthu chimodzi, ndipo amafuna pouma ndi poyera. Valavu ija ikamadontha, madzi amadutsa pa guluu asanagwire n'kusiya kanjira. Akagwira bwino, amafunabe kudikira. Pa madzi amphamvu ndi bwino kumupatsa maola 24. M'dera limene madzi angabwere usiku uno n'kusowanso mawa, ndani angapirire osatsegula valavu? Vuto lachiwiri ndi dzuwa. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, dzuwa lake ndi lakuthwa, ndipo pivisi yosiyidwa poyera imayezuka n'kuuma mpaka kusweka ikagundidwa ndi khasu. Ikakhala panja ipakeni penti yoyera ya madzi. Madzi otentha a giza asadutsemo n'komwe, ndipo m'paipi yakuda wamba asadutsenso. Kumeneko ndi kwa kopa kapena mapaipi opangidwira madzi otentha.

Pivisi yophulika imang'ambika motalika, ndipo mng'alu umapitirira pamene maso akuonera. Dulani masentimita 15 kapena 20 kupitirira nsonga ya mng'alu mbali zonse. Werengani kalasi yolembedwa pa paipi: kalasi 6, 9, 12 kapena 16, nambala yomwe ikunenanso mabaa. Pa madzi a khonsolo tengani 12 kapena 16. Chenjerani ndi paipi yoyera ya madzi oipa a m'sinki, komanso yodutsitsa mawaya a magetsi, imene imabweranso ya 20 ndi 25 ndipo imaoneka ngati ikwana. Zonsezi sizinapangidwire mphamvu ya madzi. Pomata, palani m'mphepete, pukutani ndi mankhwala ake otsukira, pakani guluu pa paipi ndi m'soketi, lowetsani msanga mukuzunguliza pang'ono, ndipo gwirani masekondi 30 kuti isabwerere. Popeza paipi ya pansi siisuntha, soketi yachiwiri siilowa pokhapokha mutafukula mtunda wautali kuti paipi inyamuke, kapena mutagula cholumikizira chotsetsereka. Mukaikakamiza mopinda, mwaisiyira mng'alu wa chaka chamawa.

Musakwirire musanayese. Tsegulani mpope wa panja kaye, kenako tsegulani valavu pang'onopang'ono, kuti mpweya, mchenga ndi zinyenyeswa za dzimbiri zitulukire panja m'malo mokatseka valavu ya thanki ya chimbudzi kapena shawa. Madzi akayera, tsekani mipope yonse, pukutani cholumikizira chilichonse ndi nsalu youma, ndipo lembani manambala a pa mita ya madzi. Pakatha theka la ola bwererani: mita isasunthe, ndipo pepala la m'chimbudzi mukalikhudzitsa pansi pa cholumikizira lituluke louma. Mita ikasuntha koma zolumikizira zanu zili zouma, pali kudontha kwina m'chitsulo chotsala m'khoma kapena pansi pa simenti. Ngati mwamaliza ntchito tsiku lopanda madzi, kwirirani pakati pokha, maenje a pa zolumikizira muwaphimbe ndi lata kapena thabwa kuti ana asagweremo, valavu muisiye yotseka, ndipo mudzaitsegule nokha madzi akabwera.